Usiku Umodzi, Madeti Awiri: Mmene Ovataimu Imasowera pa Makina Owerengera Malipiro

M'chigwa cha mtsinje wa Shire ntchito siithera pamene dzuwa lalowa. Nyengo yodula nzimbe ikafika, fakitale ya shuga ku Nchalo imagaya usana ndi usiku. M'minda yothirira mapampu amalira mpaka mbandakucha, m'zipatala za ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje anamwino amachezera ndi odwala, ndipo m'malo ogulitsira mafuta a galimoto ndi m'nyumba zogona alendo mumakhala anthu ali maso pamene ena ali mtulo. Onsewa amalowa ntchito deti lina n'kuweruka deti lina.

Kale maola awo ankalembedwa ndi kalaliki m'buku. Lero malo ambiri a ntchito ali ndi kamakina kodindapo chala pa geti, ndipo malipiro amawerengedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta. Makinawa sakondera munthu, komabe ali ndi malo amodzi pomwe amapunthwa kawirikawiri, ndipo malowo ndi 12 koloko ya usiku. Pa mphindi imeneyo deti limasintha koma ntchito imapitirira. Pulogalamu yomwe sinakonzedwe bwino imauona usiku umodziwo ngati masiku awiri, ndipo ndalama ya ovataimu imatayikira pamphambano pomwepo. Zitsanzo zomwe zili m'munsimu ndi zongoyerekezera. Sizikunena za kampani kapena ofesi ina iliyonse.

Zomwe lamulo limanena

Lamulo la za ntchito la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limati maola a ntchito a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Limatinso munthu wogwira ntchito ya mashifiti asapitirire maola 8 pa tsiku. Gawo 39 la lamuloli limagawa ovataimu m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la maola omwe munthu wapitiriza pa tsiku lake la ntchito, kuposa omwe amagwira nthawi zonse. Ola lililonse loterolo liyenera kulipidwa mosachepera malipiro a ola limodzi ndi theka. Gulu lachiwiri ndi la maola ogwiridwa pa tsiku lomwe munthuyo amayenera kupuma, ndipo lachitatu ndi la maola ogwiridwa pa tsiku la tchuthi cha boma. M'magulu awiri omalizirawa ola lililonse limalipidwa mosachepera kawiri.

Apa pakuoneka kuti wowerengera malipiro ayenera kuyankha mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti: kodi munthuyu wagwira maola angati kuchokera pamene analowa kufika pamene anaweruka? Lachiwiri ndi lakuti: kodi maola amenewo anagwera pa tsiku lotani, la ntchito, lopuma kapena la tchuthi? Funso loyamba limayankhidwa ndi kutalika kwa shifiti, ndipo 12 koloko ya usiku ilibe nalo gawo. Funso lachiwiri limayankhidwa ndi kalendala, ndipo kumeneko 12 koloko ya usiku ndiyo malire enieni. Zolakwika zambiri za makina a malipiro zimabadwa pamene mafunso awiriwa ayankhidwa ndi muyeso umodzi.

Usiku wodulidwa pakati

Chitsanzo chikhale cha bambo woyang'anira pampu pa sikimu ina ya ulimi wothirira m'mbali mwa Shire. Mgwirizano wake wa ntchito umati shifiti yake ndi ya maola 8, ndipo malipiro ake ndi K1,000 pa ola. Ndalamayi yasankhidwa chabe kuti masamu asavute. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa litafika pachimake ndipo mbewu zikufuna madzi ambiri, bwana wake wamupempha kuti azilowa 6 koloko madzulo n'kumaweruka 6 koloko m'mawa.

Usiku umodzi woterowo uli ndi maola 12. Maola 8 oyamba ndi a nthawi zonse, ndipo amakwana K8,000. Maola 4 otsalawo, kuyambira 2 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndi ovataimu. Pa K1,500 ola lililonse amakwana K6,000. Bamboyu ayenera kulandira K14,000.

Pulogalamu yomwe imasonkhanitsa maola potsata deti imaona zina. Lolemba imapeza maola 6, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku. Lachiwiri imapezanso maola 6, kuyambira pakati pa usiku mpaka m'mawa. Ikafunsa ngati pali tsiku lomwe lapitirira maola 8, yankho limakhala lakuti palibe. Motero imalipira maola onse 12 pa K1,000, n'kutulutsa K12,000. Palibe ola lomwe lasowa pa pepala, koma K2,000 yapita. N'chifukwa chake cholakwikachi chimavuta kuchigwira: munthu akawerenga maola ake pa peyisilipi amawapeza okwanira, ndipo amangodabwa kuti ndalama yachepa bwanji.

Kwa munthu wolandira malipiro okhazikika a pamwezi, chilondacho chimakhala chachikulu. Malipiro a pamwezi amaphimba kale maola a nthawi zonse, ndipo ndalama yoonjezera imabwera pokhapokha makina ataona ovataimu. Makina akaona maola 6 lero ndi maola 6 mawa saonjezera kanthu, ndipo K6,000 yonse ya maola anayi aja imasowa. Nthawi zina makinawo amafika polemba kuti munthuyo anapereweza maola awiri tsiku lililonse, ngati kuti anathawa ntchito, pamene iye anachezera usiku wonse pambali pa pampu.

Chifukwa chomwe ena amadandaula pamene anzawo ali chete

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza ngakhale makalaliki odziwa ntchito yawo. Cholakwikachi sichimuluma aliyense mofanana, ndipo pakati pa sabata chimabisala.

Bambo wa pampu uja agwire usiku unayi motsatizana, kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Malipiro oyenera ndi K14,000 kanayi, zomwe ndi K56,000. Makina odula usiku pakati amawerenga motere. Lolemba pali maola 6 okha a madzulo. Lachiwiri pali maola 6 a m'bandakucha, otsala a usiku wa Lolemba, kuphatikizapo maola 6 a madzulo a shifiti yatsopano. Onse pamodzi ndi 12, ndipo makina amapereka ovataimu ya maola 4. Lachitatu ndi Lachinayi zimayenda chimodzimodzi. Lachisanu pamatsala maola 6 okha a m'mawa. Pomaliza makina amalipira K6,000 ya Lolemba, K42,000 ya masiku atatu a pakati, ndi K6,000 ya Lachisanu, zonse pamodzi K54,000. M'malo mwa maola 16 a ovataimu, peyisilipi imaonetsa 12.

Tanthauzo lake ndi lakuti pa mndandanda uliwonse wa mausiku otsatizana, ovataimu ya usiku umodzi imatayika. Masiku a pakati amaoneka olondola mwangozi chabe, chifukwa mchira wa shifiti ya dzulo walumikizana ndi mutu wa shifiti ya lero. Kalaliki akatenga Lachitatu n'kuliyesa, amapeza kuti makina ali bwino, ndipo wodandaulayo amaoneka ngati wosadziwa kuwerengera.

Mnzake wa bamboyu, yemwe amagwira modumphitsa, amaona zowawa kwambiri. Iye amalowa usiku wa Lolemba, wa Lachitatu ndi wa Lachisanu, n'kumapuma mausiku a pakatiwo. Kwa makina, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Loweruka lili ndi maola 6 okha. Ovataimu siioneka n'komwe. Pa sabata imodzi amataya K6,000, pamene mnzake wataya K2,000, chonsecho amagwira pa pampu imodzi ndipo amadinda chala pa kamakina kamodzi. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo: m'masabata anayi ndalama yotayikayo imafika K24,000, yomwe ndi yoposa malipiro a usiku wathunthu.

Masamu otsika pansi pa ziro

Malo ang'onoang'ono a ntchito, monga makopaletivi, masikimu a alimi ndi nyumba zogona alendo, sagula pulogalamu yapadera ya malipiro. Kalaliki amangotsegula tsamba la Excel, n'kulemba nthawi yolowera m'bokosi lina ndi nthawi yowerukira m'bokosi linzake, kenaka kompyuta imachotsera. Masana njirayi imayenda bwino: kuchokera pa 08:00 kufika pa 16:00 pali maola 8. Usiku imagwa. Munthu wolowa 22:00 n'kuweruka 06:00 wagwira maola 8, koma kompyuta ikachotsa 22 pa 6 imapeza nambala ya pansi pa ziro, maola -16. Ngati bokosilo linakonzedwa kuti lizionetsa nthawi, Excel imangodzaza mzere wa zizindikiro za `#####`.

Apa m'pamene pamabwera mankhwala oipa kuposa nthenda. Ena amangouza kompyuta kuti ichotse chizindikiro cha kuchotsera chija, ndipo -16 imasanduka 16. Munthu wogwira maola 8 amalembedwa maola 16, n'kulandira ovataimu yomwe sanagwire. Choputsitsa n'chakuti pa shifiti ya 18:00 mpaka 06:00 njira yolakwikayi imapereka yankho lolondola, pakuti -12 imasanduka 12. Kalaliki yemwe wayesera pa shifiti imeneyo yokha amakhulupirira kuti wakonza. Koma munthu wolowa 16:00 n'kuweruka 06:00, yemwe wagwira maola 14, amalembedwa maola 10 okha.

Njira yoyenera, ngati nthawi yolowera ili m'bokosi A2 ndipo yowerukira ili m'bokosi B2, ndi iyi:

```
=MOD(B2-A2,1)*24
```

Mzerewu umauza kompyuta kuti nthawi imazungulira ngati mivi ya wotchi, kotero kuti ikadutsa pakati pa usiku imayambiranso. Bokosi la yankho liyenera kukonzedwa kuti lizionetsa nambala wamba. Pa 22:00 mpaka 06:00 yankho ndi 8, ndipo pa 16:00 mpaka 06:00 ndi 14. Komabe njirayi ili ndi malire ake. Munthu akakhala pa ntchito maola 24 athunthu, monga zimachitikira madzi osefukira akadula msewu ndipo womulandira walephera kufika, yankho limabwerera pa ziro, ndipo maola 26 amaoneka ngati 2. Chotchinga chenicheni ndi kulemba deti pamodzi ndi nthawi, polowa ndi poweruka pomwe. Zikatero kompyuta siisowanso kuganizira kuti 06:00 ija ndi ya tsiku liti.

Usiku wolowa m'tchuthi

Olemba ntchito ena, atazindikira vuto la usiku wodulidwa pakati, amakonza makina awo kuti shifiti yonse iziwerengedwa pa deti lomwe yayambira. Kumeneko ndi kukonza kwabwino pa funso la kutalika kwa shifiti. Koma muyeso womwewo ukagwiritsidwa ntchito pa funso la tchuthi, pamabuka cholakwika china.

Tsiku la Anakubala limakhala pa 15 Okutobala, ndipo m'chaka cha 2025 linagwera Lachitatu. Bambo wa pampu analowa Lachiwiri pa 14 Okutobala nthawi ya 6 koloko madzulo, n'kuweruka 6 koloko m'mawa wa tsiku la tchuthilo. Maola 6 oyamba anali a tsiku wamba, K6,000. Maola 6 otsatira anagwera pa tchuthi, ndipo pa K2,000 ola lililonse amakwana K12,000. Maola anayi a ovataimu ali m'kati mwa maola a tchuthiwo, ndipo m'chitsanzo chino alipidwa pa mtengo wokulirapo wa kawiri. Zonse pamodzi ndi K18,000. Makina omwe aika shifiti yonse pa 14 Okutobala saona tchuthi, ndipo amalipira K14,000. Bamboyu wataya K4,000.

Mnzake yemwe analowa madzulo a tsiku la tchuthilo, n'kuweruka Lachinayi m'mawa, makina omwewo amamulipira maola onse 12 kawiri, K24,000. Powerengera ndi kalendala, maola ake a tchuthi ndi 6 okha, K12,000, maola awiri otsatira ndi a nthawi zonse, K2,000, ndipo anayi omalizira ndi ovataimu wamba, K6,000, zonse K20,000. Iye walandira K4,000 yoonjezera. M'mabuku a bwana ndalama yonse imaoneka yokwanira, chifukwa zomwe wina wataya wina wazitola, motero wowerengera chuma saona chachilendo. Wogona ndi njala ndi uja analowa pa 14.

Malo ena a ntchito amagwirizana ndi antchito awo kuti shifiti yonse izitengedwa ngati ya tsiku limodzi. Ngati pali dongosolo loterolo, liyenera kulembedwa mu mgwirizano wa ntchito kapena m'pangano la bwana ndi bungwe la antchito, lizigwira kwa onse mofanana, ndipo lisapereke zochepera zomwe lamulo limalamula. Chosayenera ndi chakuti nkhani yaikulu chotere igamulidwe mwakachetechete ndi munthu yemwe anabwera kudzalumikiza makina, antchito osadziwa. Mfundo yomweyi imakhudzanso usiku wolowa m'tsiku lopuma, komanso usiku wa tsiku lotsekera mabuku a mwezi, pomwe theka la shifiti limagwera m'malipiro a mwezi uno ndipo theka lina m'mwezi wa mawa.

Wotchi ikanama

M'Malawi wotchi siisinthidwa chaka chonse. Nthawi ya dziko lino ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi yomwe dziko lonse lapansi limayezerapo, yomwe pa makompyuta imalembedwa kuti UTC. Dziko la Mozambique lili pa nthawi yomweyo, kotero kuti foni ya munthu wa ku Marka ikakoka netiweki ya kutsidya kwa malire, ola silisintha. Maiko a ku Ulaya ndiwo amakankhira mawotchi awo patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Wina angaganize kuti nkhani imeneyi siikhudza anthu a kuchigwa. Imawakhudza kudzera m'makina, m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya pulogalamu yomwe imasunga nthawi yake pa UTC. Mapulogalamu ambiri amatero, ndipo palibe vuto ngati asanawerengere malipiro amabwezera nthawiyo ku ya kuno. Akapanda kutero, pakati pa usiku pa makinawo pamagwera 2 koloko usiku ya kuno. Kutalika kwa shifiti sikusintha, pakuti nthawi yolowera ndi yowerukira zasuntha mofanana, koma malire a tchuthi amasuntha. Pa usiku wa pa 14 Okutobala uja, makina amapeza maola 8 a tsiku wamba ndi maola 4 okha a tchuthi, n'kulipira K16,000 m'malo mwa K18,000.

Njira yachiwiri ndi ya kusankha dera lolakwika polumikiza makina. Pa kompyuta ya Windows, m'ndandanda wa madera a nthawi muli mizere ingapo yoyamba ndi `(UTC+02:00)`. Woyenera kuno ndi `Harare, Pretoria`, ndipo pa makina ena dzina loyenera ndi `Africa/Blantyre`. Koma m'ndandanda womwewo mulinso `Cairo`, ndipo munthu wothamanga angasankhe umenewo poona kuti nambala ndi yomweyo. Dziko la Egypt linayambiranso kusintha mawotchi m'chaka cha 2023: limawakankhira patsogolo kumapeto kwa Epulo n'kuwabweza kumapeto kwa Okutobala. Makina oikidwa pa dera limenelo amayenda bwino miyezi ya dzinja, kenaka usiku wina mu Epulo amadumpha ola. Shifiti ya maola 12 imaoneka ya 13, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatira aliyense amaoneka kuti wafika mochedwa ndi ola lathunthu. Usiku wobweza mu Okutobala, makina amalemba kuti munthu analowa 19:00 n'kuweruka 06:00, maola 11. Ola losowalo limachoka ku ovataimu, ndipo kwa bambo wa pampu ndi K1,500.

Njira yachitatu ndiyo yodziwika kwambiri kuno: kuzima kwa magetsi. Anthu a ku Chikwawa akukumbukira mmene namondwe wa Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka. Kamakina kodindapo chala kali ndi kabatire kakang'ono kosunga wotchi yake magetsi akazima. Kabatireko kakafooka, wotchi imaima kapena imabwerera pa deti lakalekale, ndipo magetsi akayaka kamapitiriza kulemba nthawi yabodza mpaka wina atakakonza. Munthu yemwe anadinda polowa wotchi ili bwino, n'kudinda poweruka wotchi itasokonekera, amakhala ndi shifiti yopanda mapeto. Mapulogalamu ena shifiti yotero amaitaya, ena amaiwerenga ngati ya maola 8 okha, ndipo ovataimu imapita.

Mmene wogwira ntchito angadziwire

Chida choyamba ndi kope la sukulu ndi cholembera. Usiku uliwonse wogwira ntchito alembe zinthu zinayi: deti lolowera, nthawi yolowera, deti lowerukira ndi nthawi yowerukira. Podinda chala ayang'ane wotchi ya kamakinako n'kuifananiza ndi ya pa foni yake. Zikasiyana, alembe kusiyanako ndipo auze kapitawo nthawi yomweyo, pali mboni. Pakutha pa mwezi awerengere shifiti iliyonse payokha, achotse maola a nthawi zonse olembedwa mu mgwirizano wake, ndipo zotsalazo ndiyo ovataimu. Ngati pamalopo pali nthawi yopuma ya chakudya yosalipidwa, aichotsenso, kuti masamu ake asatsutsidwe pa chinthu chaching'ono.

Lamulo limapatsa wogwira ntchito ufulu wolandira pepala lofotokoza malipiro ake nthawi iliyonse yomwe walipidwa. Akaliika pambali pa kope lake, mtundu wa kusiyana kwake umaulula gwero la vutolo. Ngati maola onse akukwana koma a ovataimu akuchepa, ndipo kuchepako kukufanana ndi ovataimu ya usiku umodzi pa mndandanda uliwonse, ndiye kuti makina akudula usiku pakati. Ngati vuto likuoneka m'miyezi ya tchuthi yokha, monga Malichi, Meyi, Julayi ndi Okutobala, ndiye kuti shifiti ikuikidwa pa deti limodzi. Ngati nthawi zonse zasuntha ndi ola limodzi kapena awiri ndendende, kwa antchito onse, vuto lili pa dera la nthawi. Ngati usiku wina wasoweratu kapena uli ndi deti lachilendo, afunse ngati usiku umenewo magetsi anazima.

Si kusiyana kulikonse komwe kuli cholakwa cha makina. Munthu akaiwala kudinda poweruka, kapena akatsalira pa ntchito popanda chilolezo cha omuyang'anira pamalo pomwe ovataimu imayamba yavomerezedwa, peyisilipi idzasiyana ndi kope lake ngakhale makina ali bwino. Chizindikiro cha vuto la makina ndi chakuti limabwerezabwereza mofanana, ndipo limagwira onse a shifiti imodzi. N'chifukwa chake anthu atatu kapena anayi akafananiza makope awo, nkhani yawo imamveka msanga kuposa ya munthu mmodzi.

Popita kwa kalaliki wa malipiro, ndi bwino kusankha usiku umodzi woonekeratu, makamaka woyamba kapena womaliza pa mndandanda, n'kupempha pepala la nthawi zomwe kamakina kanalemba usiku umenewo, zisanalowe m'masamu. Funso lofunsa ndi lachidule: kodi usiku uwu wawerengedwa ngati shifiti imodzi kapena masiku awiri? Nkhani ikakanika pamenepo, ipite kwa mkulu woona za antchito kapena kwa nthumwi ya bungwe la antchito. Ikakanikabe, ofesi ya zantchito ya boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje imalandira madandaulo a malipiro, ndipo pamwamba pake pali khoti loweruza milandu ya pakati pa olemba ntchito ndi antchito. Kuchedwetsa dandaulo kumaononga nkhani, chifukwa zolemba zimatayika ndipo mboni zimaiwala.

Mayeso asanu a olemba ntchito

Bwana naye amaluza pa zolakwikazi, pakuti makina omwewo nthawi zina amalipira mopitirira, ndipo ngongole ya ovataimu ya miyezi yambiri ikadzaululika imabwera nthawi imodzi. Kuyesa makina sikufuna katswiri wochokera ku Blantyre. Kalaliki alembe munthu wongoyerekezera wa K1,000 pa ola ndi shifiti ya maola 8, n'kumupatsa mausiku asanu.

Usiku woyamba ukhale wa paokha, 18:00 mpaka 06:00 pa masiku wamba. Yankho likhale K14,000. Wachiwiri ukhale wa 22:00 mpaka 06:00. Yankho likhale maola 8 opanda ovataimu, K8,000. Wachitatu ukhale wa 18:00 mpaka 06:00 wolowa m'tchuthi, ndipo wachinayi wotuluka m'tchuthi. Powerengera ndi kalendala mayankho ndi K18,000 ndi K20,000. Wachisanu ukhale pa usiku wotsekera mabuku a mwezi, ndipo ovataimu yake ya maola 4 ioneke yonse, kaya m'mwezi uno kapena wa mawa. Pomaliza ayang'ane dera la nthawi pa kamakina ka pa geti ndi pa kompyuta ya malipiro, ndipo pakhale munthu wodziwika yemwe ntchito yake ndi kuona wotchi ya kamakinako nthawi iliyonse magetsi akabwera.

Yankho limodzi likaphonya, kukonza makina ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kubwerera m'miyezi ya m'mbuyo, kuyambira pamene makinawo anaikidwa, n'kuwerengeranso mashifiti onse a usiku kuchokera pa nthawi zomwe anthu anadinda. Kwa bambo wa pampu yemwe wakhala akutaya K2,000 sabata iliyonse kuyambira mu Epulo mpaka mu Novembala, masabata oposa 30, ndalama yobwezedwayo ndi yoposa K60,000.